Nyenyezi zothothoka za mu Meyi: zimachokera kuti, ndipo kuno ku Mangochi tingazione bwanji

Chaka chilichonse ikamayandikira Ogasiti mauthenga amayamba kuzungulira m'mafoni akuti usiku wakutiwakuti kugwa nyenyezi 100 pa ola, tulukani mukaone. Anthu amatulukadi cha m'ma 8 koloko atangodya nsima, kuima pakhomo mphindi zisanu khosi lili m'mwamba, osaona kanthu, kenako kubwerera m'nyumba nkumati zabodza izi. Si zabodza ayi, koma uthengawo analembera anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka, ndiye ukafika kuno umakhala wasochera. Ife a ku Mangochi nthawi yathu yabwino ndi kumayambiriro kwa Meyi, m'bandakucha, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa chake, chifukwa ukamvetsa chimene chikuchitika kumwambako sufunikanso munthu wokuuza tsiku ndi ola, umatha kuziwerengera wekha.

Choyamba, chimene chimang'anima chija si nyenyezi. Nyenyezi ndi madzuwa, zina zazikulu kuposa dzuwa lathuli, zili kutali zedi ndipo palibe imene imathothoka. Chimene timaona ndi kachidutswa ka fumbi kapena kamwala, nthawi zambiri kakang'ono ngati mchenga wa pagombe, kakakulako ndiye ngati nyemba, kamene kalowa mu mpweya wozungulira dziko pa liwiro loopsa. Kuwalako kumachitika pamtunda wa makilomita 80 mpaka 120 kuchoka pansi, pamene ndege zonyamula anthu zimauluka cha pa makilomita 10 kapena 12 basi. Ndiye mukaona ngati yagwera kuseri kwa phiri la ku Namwera, dziwani kuti yazimira m'mwamba kutali kwambiri, ndipo munthu wa ku Liwonde kapena ku Monkey Bay waiona yomweyo nthawi yomweyo, iyenso nkumaganiza kuti yagwera pafupi ndi kwawo. Ndikudziwa kuti ena tinakula tikuuzidwa kuti ikadutsa choncho ndiye kuti kwinakwake kwagwa maliro kapena ndi anthu oyenda usiku, ndipo ana ambiri amachita nazo mantha. Palibe choopsa, ndi fumbi, ndipo limabwera pa masiku amene amadziwika kale zaka zambiri zisanafike.

Funso lomwe anthu amafunsa, ndipo ndi funso labwino, ndi lakuti kamchenga kangawale bwanji mpaka kuoneka pa makilomita 100. Yankho lili pa liwiro. Tizidutswa ta mu Meyi timalowa pa makilomita 66 pa sekondi, osati pa ola, pa sekondi. Mtunda wa pamsewu kuchoka pa Boma kukafika ku Blantyre, umene ndi pafupifupi makilomita 190, kangaumalize m'masekondi atatu. Mphamvu ya chinthu choyenda imakwera kwambiri liwiro likamakwera, liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, ndiye mukawerengera mupeza kuti kamwala ka galamu imodzi pa liwiro limeneli kali ndi mphamvu yofanana ndi galimoto ya tani imodzi yothamanga makilomita pafupifupi 240 pa ola. Mphamvu yonseyo imatha m'kanthawi kosakwana sekondi. Kamwalako kakamawomba mpweya, mpweya wa kutsogolo kwake umapanikizika ndi kutentha koopsa, kamwalako kamasungunuka nkusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo pamodzi ndi mpweya wozungulira ndi zimene zimawala. Timangoti kapsa chifukwa ndi mmene timayankhulira, koma si moto ngati wa nkhuni. Mzere wowala umene mumaona ndi mpweya wotentha wotalika makilomita angapo, kamwalako pakokha simungakaone. Mitundu imene ena amaona, pena chikasu pena kubiriwira, imachokera ku zinthu zimene zili m'kamwalako ndi mu mpweyawo, mwachitsanzo sodiyamu amapereka chikasu.

Tsopano fumbi limeneli likuchokera kuti? Apa ndi pamene pamalowa kometi, ija ena amati nyenyezi ya mchira. Kometi ndi chibuluma cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi ndi timiyala, chimazungulira dzuwa pa njira yaitali yopyapyala, nthawi yambiri chili kutali kozizira, kenako chimabwera kudzadutsa pafupi ndi dzuwa nkubwereranso. Chikayandikira dzuwa madzi oundana aja amatenthedwa nkusanduka mpweya, ndipo mpweyawo potuluka umakankha fumbi lija nkulitaya kunja. Fumbi lotayidwalo siliima pamalo amodzi, nalonso limapitiriza kuzungulira dzuwa motsata pafupifupi njira yomweyo ya kometi, koma poti lina latuluka mofulumirirapo lina mochedwerapo, pakapita zaka mazanamazana limamwazikana njira yonse, kutsogolo ndi kumbuyo kwa kometiyo. Dziko lathu nalo likuzungulira dzuwa pa makilomita 30 pa sekondi, ndipo ngati njira yathu idutsana ndi njira ya fumbiyo ndiye kuti chaka chilichonse tikafika pamphambano imeneyo timalowa m'fumbi. Ndi chifukwa chake tsiku silisintha. Pa 5 ndi 6 Meyi dziko limakhala lafika pamalo omwewo pa ulendo wake, chaka chino, chaka chamawa, mpaka kale.

Munthu amene anaonetsa poyera kugwirizana kumeneku ndi Giovanni Schiaparelli wa ku Italy, mu 1866, pamene anawerengera njira ya tizidutswa ta mu Ogasiti nkupeza kuti ikufanana ndi njira ya kometi yotchedwa Swift-Tuttle. Chisanafike chaka chimenecho anthu ambiri ophunzira ankakayikirabe.

Fumbi la mu Meyi ndi la kometi yotchuka kuposa zonse, ya Halley. Imabwera pakatha zaka pafupifupi 76, inaoneka komaliza mu 1986, ndipo akuluakulu ena kuno amaikumbukira chifukwa ulendo umenewo inaoneka bwino kumwera kwa dziko kusiyana ndi kumpoto. Idzabweranso mu 2061. Mu 1986 momwemo chombo chotchedwa Giotto chinaiyandikira nkuijambula, ndipo anapeza kuti thupi lake ndi lotalika makilomita pafupifupi 15, lakuda bii. Panopa ili kutali kupitirira Neptune, dziko lakutali kwambiri mwa maiko ozungulira dzuwa, koma izi sizisokoneza kanthu, chifukwa fumbi limene timakumana nalo si la 1986 ayi, linatayidwa zaka mazana ambiri zapitazo. Ine zimenezi zimandikhudza ndithu, kuti ambiri a ife mwina 2061 sitidzafika, komabe chaka chilichonse tikhoza kuona zidutswa za kometi yomweyo ndi maso athu, osalipira kanthu. Ndipo njira ya Halley timaidutsa kawiri pa chaka, mu Meyi ndi cha pa 21 Okutobala. Za mu Meyi mukamazifufuza pa foni dzina lake ndi Eta Aquariids, za mu Okutobala ndi Orionids. Chinanso, Halley imazungulira dzuwa mosemphana ndi dziko lathu, ndiye fumbi lake timakumana nalo pafupifupi maso ndi maso, liwiro lathu nkuphatikizana ndi lake, ndiko kumene kukuchokera 66 uja.

Apa pali chinthu chimene chimafotokoza zonse za nthawi yoonera, ndiye ndichedwepo pang'ono. Ganizirani muli mu minibasi usiku pa msewu wa ku Liwonde mvula ikugwa, mwakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Madontho amamenya galasi la kutsogolo kwambiri, la kumbuyo limangonyowa pang'ono. Komanso mukayang'ana m'kuwala kwa magetsi a galimoto, madontho onse amaoneka ngati akutumphuka pamalo amodzi kutsogolo nkumwazikira mbali zonse, chonsecho akugwa mofanana, moyandikana, palibe pamene akutumphukira. Dziko nalo ndi chimodzimodzi. Madzulo dzuwa litangolowa ife timakhala ku galasi la kumbuyo, ndipo kuyambira pakati pa usiku kukafika m'bandakucha dziko limakhala latitembenuzira kutsogolo kumene likulowera. Ndipo tizidutswa tonse ta kometi imodzi, poti tikuyenda mbali imodzi, timaoneka ngati tikutuluka pamalo amodzi kumwamba. Malo amenewo ndiwatchula kuti gwero. Anthu anazindikira za gweroli bwinobwino mu Novembala 1833, usiku umene ku Amereka nyenyezi zothothoka zinagwa zikwizikwi pa ola mpaka anthu kuganiza kuti dziko latha, ndipo amene anaonetsetsa anapeza kuti zonse zikuchokera pa gulu la nyenyezi lotchedwa Leo. Mayina aja amachokera pamenepo, gwero likakhala mu Perseus ndi Perseids, mu Gemini ndi Geminids, mu Aquarius ndi Aquariids.

Lamulo lake ndi losavuta: gwero likakhala pansi, lisanatuluke, simuona kanthu ngakhale kukhale mdima wotani, chifukwa fumbilo likumenya mbali ina ya dziko. Likangotuluka mumaona zochepa. Likamakwera nazo zimachuluka. Ndiye funso lenileni pa mvumbi uliwonse wa nyenyezizi ndi lakuti, kuchokera pamene ndili, gwero likwera kufika pati, ndipo nthawi yanji.

Mangochi ili pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kumwera kwa ikweta. Gwero la Perseids, za mu Ogasiti zija, lili kumpoto kwambiri, pa madigiri 58 kuchoka pa ikweta ya kumwamba, umene ndi mzere wa m'thambo woyang'anizana ndi ikweta ya pansi pano, ndiye kuno ngakhale litakwera mpaka mapeto silipitirira madigiri 17 kapena 18 kuchoka pansi, ndipo limafika pamenepo kukucha kale. Mukatambasula mkono nkukunga chibakera, chibakeracho chimaphimba madigiri pafupifupi 10, ndiye tikunena zosakwana zibakera ziwiri pamwamba pa mitengo. Onjezanipo utsi wa moto wa tchire ndi fumbi la mu Ogasiti zimene zimadetsa m'munsi mwa thambo, muona kuti 100 uja kuno watsala wochepa kwambiri. Mungaoneko zingapo cha m'ma 4 koloko mutayang'ana kumpoto, sindikukana, koma si zimene uthenga uja umalonjeza.

Za mu Meyi zinthu zimatembenuka. Gwero lake lili pafupifupi pa ikweta ya kumwamba, ndipo mu Meyi ku Ulaya kumacha msanga kwambiri gwero lisanakwere, pamene ife tikulowa m'nyengo yozizira, usiku ukutalika, mvula yangotha kumene, mpweya ndi wotsukika ndipo anthu sanayambe kutentha tchire. Tiyeni tiwerengere usiku wa pa 5 kucha pa 6 Meyi, tili pagombe cha ku Makawa kapena ku Nkopola. Gwero limatuluka kum'mawa cha m'ma 1:20 usiku, ngakhale mapiri a kutsidya amalibisa kanthawi. Pofika 2 koloko lili pa chibakera chimodzi. Pofika 3 koloko lili pa madigiri pafupifupi 25. Pofika 4:30 lili pa madigiri pafupifupi 45, theka la njira yopita pamutu, ndipo apa mdima weniweni ukutha, kuwala kwa m'bandakucha kwayamba kulowerera. Kuno tili ndi wotchi yabwino ya zimenezi, mukamva kuitana kwa swala ya m'bandakucha ku mzikiti dziwani kuti nthawi yabwino yatsala pang'ono kutha. Zowala kwambiri mupitiriza kuziona mpaka cha m'ma 5 koloko, zofooka zimayamba kusowa.

Nanga muona zingati? Nambala imene amalemba pa intaneti imakhala ndi zilembo zakuti ZHR, ndipo ya Eta Aquariids nthawi zambiri amaika 50, zaka zina imakwererapo. Koma ZHR si nambala imene munthu amaona. Ndi imene angaone munthu wa maso akuthwa, gwero litakhala pamutu penipeni, kumwamba kuli mdima wandiweyani wopanda mwezi, magetsi kapena mtambo. Kuti mupeze zanu muyenera kuchotsera. Gwero likakhala pa madigiri 25 mumatsala ndi magawo anayi pa khumi, ndiye 50 uja wasanduka 21. Likakhala pa 45 mumatsala ndi magawo asanu ndi awiri pa khumi, kutanthauza 35. Izi ndi za malo a mdima weniweni. Ngati pali kuwala pang'ono kumene kwabisa nyenyezi zofooka kwambiri, monga kuwala kwa tauni kapena nyali za panyanja, nambalayo imagwa kupitirira theka, 21 uja kukhala 9, 35 uja kukhala 15. Ndiye chilungamo chake nchakuti ola lomaliza lija, kuyambira 3:30 kukafika 4:30, munthu amene wasankha malo bwino akhoza kuona pakati pa 15 ndi 30, kuphatikizapo zina zingapo zongodziyendera zimene sizili za Halley. Ndi imodzi pa mphindi ziwiri kapena zinayi zilizonse, koma sizibwera mwa ndondomeko, pena kumakhala zii mphindi khumi kenako zitatu motsatizana, ndiye amene alibe kudekha amachoka nthawi ya zii yomweyo.

Ubwino wina wa za mu Meyi ndi wakuti fumbi lake ndi lotambasuka, silitha usiku umodzi. Kuyambira cha pa 3 mpaka pa 10 Meyi m'bandakucha uliwonse umakhala ndi kanthu, ndiye kukachita mitambo pa 6 yesani pa 7. Zimathamanga kwambiri, kuphethira kamodzi yapita, ndipo zambiri zowala zimasiya kamzere ngati utsi kamene kamakhala sekondi imodzi kapena ziwiri, pena kupitirira. Amene angapirire kudzuka msanga, nthawi ija gwero likungotuluka kumene cha m'ma 1:30 kapena 2 koloko, zimakhala zochepa zedi koma imene ingabwere imalowa mu mpweya chopendekeka, ndiye imayenda mzere wautali kudutsa pafupifupi thambo lonse. Imodzi yokha ya mtundu umenewu munthu saiwala.

Mdani wamkulu ndi mwezi. Tsiku la fumbi silisintha koma mwezi umasintha, chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11, ndiye zaka zina zimakhala zabwino zina zoipa. Mwachitsanzo mu 2026 mwezi wathunthu ndi pa 1 Meyi, kutanthauza kuti pa 5 ndi 6 uli waukulube ndipo uli m'mwamba m'bandakucha, pamene mu 2027 mwezi uli mumdima pa 6 Meyi penipeni, chaka chabwino kwambiri. Poti kuno ambiri amatsata kale masiku a mwezi, njira yachidule ndi iyi: kuyambira pamene mwezi waoneka kumene mpaka tsiku la 9 kapena 10, umalowa nthawi yathu yoonera isanafike kapena itangoyamba, ndiye palibe vuto. Kuyambira cha pa tsiku la 12 mpaka la 23 umakhala uli kumwamba m'bandakucha ndipo umaononga. Masiku otsiriza utatsala kachidutswa suvuta kwenikweni. Chaka chikakhala choipa musagonje msanga, khalani poti nyumba kapena mtengo waukulu wabisa mweziwo, muonabe zowala zija ngakhale chiwerengero chitsika.

Mdani wachiwiri ndi wathu wa kunyanja. Masiku a mdima amene ife tikufuna ndi omwewonso amene asodzi a usipa amalowa ndi nyali, ndipo nyali za masiku ano ndi zowala kwambiri, mukaima pagombe mumaona mzere wa magetsi ngati tauni ili pamadzi, ndipo mzerewo uli kum'mawa komwe kuli gwero. Anthuwo ali pa ntchito yawo, sitingawauze kuti azimitse. Chimene mungachite ndi kusayang'ana nyalizo mwachindunji, gonani poti bwato lokokeredwa kumtunda, mpanda kapena chitsamba chabisa m'munsimo, kapena chokani pagombe mupite kumtunda pang'ono, pabwalo la mpira kapena pamunda pokololedwa kale. Ndipo kunena zoona sindilimbikitsa kugona m'mphepete mwenimweni mwa madzi usiku, makamaka cha ku Shire ndi ku Malombe, mvuu zimatuluka kudzadya usiku ndipo ng'ona ziliko. Bwalo la sukulu la kumudzi lopanda magetsi limaposa gombe. Amene muli pa Boma yesetsani kuchoka pa magetsi a mumsewu ndi a chitetezo, babu limodzi la pakhonde la aneba likhoza kukudyerani theka la zimene mukanaona. Poyesa malo gwiritsani ntchito mlalang'amba, nthawi imeneyi mu Meyi umakhala pafupifupi pamutu, mbali yake yowala kwambiri. Mukauona bwino mpaka ndi timizere take takuda ta pakati, malowo ndi abwino. Ukamaoneka mwa chizimezime kapena osaoneka nkomwe, sunthani.

Kenako maso. Diso la munthu limafuna mphindi 20 mpaka 30 mumdima kuti liyambe kuona zofooka, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kokha zonse zija zabwerera poyambira. Apa ndi pamene ambiri amagwera, akagona mphindi zitatu atulutsa foni kuti aone nthawi kapena auze anzawo pa gulu. Ikani foni m'thumba, itchereni alamu ngati mukuopa kuchedwa ku ntchito. Mukafuna kuwala koyendera, kulungani tochi ndi pepala la pulasitiki lofiira kapena kansalu kofiira, kuwala kofiira kofooka sikuononga maso kwambiri. Ngati mukufuna kudziwa pamene pali gwero, pulogalamu ya Stellarium imaonetsa, koma yang'anani musanatuluke m'nyumba, ndipo nkosafunikira kwenikweni, kudziwa kum'mawa kokha ndi kokwanira.

Musaime. Khosi limatopa msanga ndipo mumayamba kuyang'ana pansi. Yalani mkeka, gonani chagada miyendo italoza kum'mawa, pilo kapena chikwama kumutu. Ndipo musalunjike maso pa gwero penipeni, chifukwa zimene zimaoneka pafupi ndi gwero zikubwera molunjika kwa inu ndiye mizere yake ndi yaifupi. Yang'anani zibakera zitatu kapena zinayi kuchoka pa gwero, cha pamwamba, maso omasuka osafufuza kanthu, mbali ya diso ndi imene imagwira kuyenda msanga. Mabainokyula ndi telesikopu apa ndi zosathandiza, zimakuonetsani kachigawo kakang'ono ka thambo pamene inu mukufuna thambo lonse. Foni wamba nayonso sijambula zimenezi, pokhapokha ikhale yotha kutsegula kamera masekondi 15 kapena 20 itakhazikika pamalo osagwedezeka, ndipo ngakhale apo zithunzi zambiri zimatuluka zopanda kanthu, ine ndingati ulendo woyamba musadzivutitse nazo. Tengani juzi ndi bulangete, Mangochi ndi kotentha inde koma 4 koloko ya mu Meyi munthu utagona osasuntha kumazizira, makamaka mwera ukamaomba, ndipo kumtunda ngati ku Namwera ndiye kwambiri. Udzudzu musauiwale, mvula itangotha kumene malungo amakhala ali pachimake, valani za manja aatali, masokosi, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu, makamaka ngati mwatenga ana. Pitani awiri kapena atatu, ndipo auzeni a pamudzi kapena alonda madzulo ake kuti mukhala pabwalo usiku mukuchita chakuti, anthu ogona pabwalo 3 koloko usiku opanda tochi akhoza kuganiziridwa zina.

Mukakhala angapo gawanani thambo, wina kumpoto wina kumwera, koma ngati mukuwerenga aliyense awerenge zake, musaphatikize, chifukwa nambala zonse zija ndi za munthu mmodzi. Kuwerenga mumdima nkosavuta, timiyala m'thumba limodzi, mukaona imodzi kusamutsira thumba lina, pakatha theka la ola kuwerenga.

Si chilichonse choyenda kumwamba chimene chili cha Halley. Kadontho kowala koyenda pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu osaphethira ndi setilaiti, ndipo m'bandakucha zimaoneka zambiri chifukwa dzuwa limakhala layamba kuziwalira kumwambako ife tikadali mumdima. Chophethira mofiira ndi moyera ndi ndege. Nyenyezi yothothoka siikwana ngakhale masekondi awiri nthawi zambiri. Kuti mudziwe ngati ili ya Halley, tsatani mzere wake chobwerera m'mbuyo ndi chala, ukakafika kum'mawa pa gwero paja ndi yomweyo, ukaloza kwina ndi yongodziyendera, zoterezi zimakhalapo usiku uliwonse wa chaka, zingapo pa ola m'bandakucha. Liwiro nalo limaulula, za Halley ndi zachangu kwambiri, mukaona yoyenda mwaulesi yochokera kumadzulo si ya gulu limeneli.

Ena amaopa kuti kodi sizingatigwere pamutu. Za kometi ayi, nzofewa ndi zazing'ono, zimathera m'mwamba momwemo. Miyala imene imafikadi pansi ndi ina, ikuluikulu ndi yolimba, yochokera ku miyala yozungulira dzuwa yotchedwa ma asiteroidi, ndipo siitsata masiku a mvumbiwu. Zinachitikapo kwa aneba athu ku Machinga mu Januwale 1981, kunagwa mwala wolemera makilogalamu opitirira 90. Koma zimenezo ndi zosowa kwambiri ndipo sizikukhudzana ndi kugona pa mkeka pa 6 Meyi.

Mukaphonya Meyi sikuti chaka chatha. Cha pa 30 Julaye pali Southern Delta Aquariids, gwero lake limadutsa pafupifupi pamutu penipeni pa Mangochi cha m'ma 2 koloko usiku, ZHR yake ndi yotsika, cha m'ma 25, ndipo zambiri nzofooka, ndiye zimafuna mdima weniweni, koma poti gwero lili pamutu simuchotsera zambiri. Orionids za mu Okutobala gwero limakwera bwino koma utsi ndi fumbi la chilimwe zimasokoneza, ndipo nzocheperapo kuyerekeza ndi za Meyi. Zamphamvu kuposa zonse ndi Geminids za pa 13 ndi 14 Disembala, ZHR yake imapitirira 100, zimayenda mochedwerapo pa makilomita 35 pa sekondi ndiye zimaoneka bwino, ndipo gwero lake limatuluka msanga, cha m'ma 9 koloko usiku mwayamba kale kuona, nkufika madigiri opitirira 40 kumpoto cha m'ma 2 koloko. Izi kholo lake si kometi wamba koma mwala wotchedwa 3200 Phaethon umene unapezeka mu 1983. Vuto lake mukulidziwa kale, pakati pa Disembala ndi dzinja, mitambo. Koma mvula ya kuno nthawi zina imagwa masana kapena madzulo kenako usiku nkuyera, ndipo kukayera pambuyo pa mvula thambo limakhala loyera kuposa nthawi ina iliyonse, ndiye pa 13 ndi 14 Disembala tcherani alamu ya 1 koloko, tulukani muyang'ane, kukakhala mitambo bwererani mukagone, kukakhala nyenyezi tengani mkeka muyang'ane kumpoto.